Esther, nyimbo, ndi chilembo chimene palibe anachilemba

"Dzina langa ndine Esther ndipo ndimakonda kuimba. Ndinatsegula akaunti ndi dzina lakuti `esthernyimbo10`, koma anthu ndikawapatsa akuti sakundipeza. Wina anandionetsa zimene analemba, zinali `esthemyimbolo`. Kodi ndilisinthe bwanji kuti dzina langa ndi nyimbo zikhalemobe, koma anthu asamasokonezeke?"

Achemwali, imelo yanuyi yandikumbutsa zowawa. Zaka zapitazo ndinkagwira ntchito pamalo ena pomwe dzina lolowera pa kompyuta sunkasankha wekha. Anali ndi lamulo lawo: chilembo choyamba cha dzina lako, kenako dzina la bambo, kenako manambala awiri. Langa linatuluka `Ilungu01`, ndipo anandipatsa pakapepala kosindikiza ndi zilembo za Arial. Amene anaonapo Arial akudziwa kuti `I` wamkulu ndi `l` wamng'ono ndi timizere tiwiri toimirira, kusiyana kwake n'kwakuti kena n'kotalikirako pang'ono, moti maso a munthu wotopa sangaone. Ndinakhala m'mawa wonse ndikulemba `llungu01`, kenako `llunguO1`, kenako `IlunguOl`, mpaka makinawo ananditsekera. Nditapita kwa mkulu woona za makompyuta, anangoti ndikulakwitsa mawu achinsinsi, n'kundipatsa ena. Ndinabwerera pampando, zomwezomwezo. Tinazunguliranapo choncho, iye akusintha mawu achinsinsi, ine ndikulemba dzina la munthu yemwe kulibe.

Chinandipweteka kwambiri chinabwera pambuyo pake. Dzina lomwelo linalinso la imelo yanga ya kuntchito. Anthu akunja ankalikopera pa kakhadi, n'kulemba ma `l` awiri, makalata n'kumabwerera kwa eni ake. Ena ankaganiza kuti ndine wamwano, sindiyankha. Nditapempha kuti alisinthe anandiuza kuti lamulo ndi lamulo. Ndinangozolowera kuti ndikamapereka imeloyo ndizinena kuti "loyambalo ndi i, osati elo", mpaka anzanga anayamba kundiitana choncho m'khonde.

Ndiye musadziimbe mlandu, ndipo musawaimbe mlandu anzanu aja. Iwo analemba zimene anaona. Tayang'anitsitsani pamene dzina lanu likukumana ndi mawu achiwiriwo. Esther akuthera ndi `r`, nyimbo ikuyamba ndi `n`. Ziwirizi zikagundana pa sikirini yaing'ono ya foni, kamkono ka `r` kamakhudza msana wa `n`, n'kubadwa `m`. Simunalembe `m` pamenepo, koma aliyense akumuona. Kenako `10` wanu wakumapeto uja, chifukwa wagundizana ndi zilembo, maso akumuwerenga ngati zilembonso: `1` wasanduka `l`, ziro wasanduka `o`. Ndi mmene `esthernyimbo10` wakhalira `esthemyimbolo`. Misampha itatu m'dzina limodzi, ndipo palibe chilembo chachilendo ngakhale chimodzi.

Msampha wa `rn` umandisangalatsa chifukwa sumaoneka mukamayang'ana mawu aliwonse paokha. Esther alibe vuto. Nyimbo ilibe vuto. Vuto lili pamsoko, ngati malaya amene nsalu yake ndi yolimba koma akung'ambikira pomwe telala analumikiza. Ndipo ife olemba Chichewa timaugwera kawirikawiri, poti mawu athu ambiri a zokonda amayamba ndi `n`: njinga, nsomba, nthano, ndakatulo, nyimbo. Maina othera ndi `r` nawonso ndi mbwee: Peter, Oscar, Victor, Jennifer. `peternjinga` amaoneka `petemjinga`, `oscarnsomba` amaoneka `oscamsomba`. Palinso abale ake a msamphawu. `c` ndi `l` zikagundana zimapanga `d`, choncho Eric wokonda kuluka akalemba `ericluka` ena aona `eriduka`. Ma `v` awiri amapanga `w`. Zonsezi zimachitikira pamalo amodzi omwewo, pomwe mwamata mawu awiri.

Apa ndinene maganizo anga mosabisa, ena akwiye akwiye. Chizolowezi chosintha zilembo n'kuikapo manambala pofuna kuoneka wotsogola, monga `3sth3r` kapena `ny1mb0`, n'chopanda nzeru. Sichiteteza kanthu. Dzina lolowera si chinsinsi, ntchito yake ndi yoti anthu akupezeni, ndipo chitetezo chili m'mawu achinsinsi. Munthu amene waika ziro m'malo mwa `o` wangodzipatsa ntchito yofotokoza dzina lake moyo wake wonse. Choipa kwambiri n'chakuti wazoloweretsa omutsatira kuti dzina lake limalembedwa mokhotakhota, ndiye tsiku limene wakuba adzatsegule akaunti yofanana nayo, palibe adzadabwe.

Zakuba izi si nthano. M'chaka cha 2000 anthu ena anatsegula tsamba lotchedwa `paypai.com`, n'kumalilemba ndi `I` wamkulu kumapeto kuti lizioneka ngati PayPal, kampani yotumizira ndalama pa intaneti, ndipo ankakolola mawu achinsinsi a anthu. Pa X, tsamba lomwe kale linkatchedwa Twitter, zomwezi n'zotheka mpaka lero, chifukwa amakulolani kuonetsa zilembo zazikulu m'dzina: `limbani` ndi `Iimbani` ndi maakaunti awiri osiyana, wachiwiriyo ali ndi ma `i` awiri koyambirira, koma m'zilembo zambiri za pa sikirini amaoneka ngati mapasa. Palinso zozama kuposa apa. Mu zilembo za Chirasha muli `а` amene kompyuta imamudziwa ngati U+0430, pamene `a` wathuyu ndi U+0061. Maso sangawasiyanitse n'komwe. Mu 2017 katswiri wina dzina lake Xudong Zheng anaonetsa adiresi yolembedwa yonse ndi zilembo zimenezi yomwe inkaoneka ndendende ngati `apple.com` m'mapulogalamu ena otsegulira intaneti. Mwayi wake, Gmail, Instagram ndi X salola zilembo zoterezi m'dzina lolowera, choncho inuyo musataye nazo tulo. Ndangozitchula kuti muone kuti kukana kwawo zilembo zachilendo kuli ndi chifukwa, ngakhale kumatilanda `ŵ` wathu ndi kachizindikiro ka mu `ng'`. Wokonda ng'oma amakakamizika kulemba `ngoma`, afune asafune.

Ndapatuka, koma ndipatukenso pang'ono. Chimandidabwitsa n'chakuti akatswiri anathana nalo kalekale vutoli pa zinthu zawo. Maadiresi akale a Bitcoin, ndalama za pa intaneti, amalembedwa ndi zizindikiro 58 zokha, njira yotchedwa Base58. Manambala 10, zilembo zazikulu 26 ndi zazing'ono 26 zikanakwana 62, koma anachotsapo zinayi dala: `0`, `O`, `I` ndi `l`. Anadziwa kuti munthu akamakopera ndi maso, zinayi zimenezi ndi zomwe zimamugwetsa, ndipo kulakwitsa kumeneko kumakhudza ndalama. Komabe masamba omwe amatipempha kusankha dzina, ukawauza kuti `esthernyimbo` latengedwa, amathamangira kukupatsa lina lokhala ndi `01` kapena `10` kumapeto. Ndikukhulupirira `10` wanuyo anachokera komweko. Musamalandire maina ongokupatsaniwo musanawayang'ane kawiri.

Ena amati ingoikani kamzere kapansi, `esther_nyimbo`, nkhani yatha. Kamathandizadi kulekanitsa `r` ndi `n`, sindikana. Koma dzina likakhala mu linki, nthawi zambiri limadulidwa mzere kunsi, ndipo kamzere kanu kamabisala mumzerewo n'kuoneka ngati mpata chabe. Pakamwa napo n'kovuta: yesani kuuza munthu pa foni kuti "kamzere kapansi, osati kapakati" muone mmene mukhalire pamenepo. Komanso Gmail sakalola m'pang'ono pomwe. Kadontho n'kabwinoko pa Instagram, koma X sakalandira. Pa Gmail kadontho kali ndi khalidwe lake: sakawerengera, moti `esther.nyimbo` ndi `esthernyimbo` ndi bokosi limodzi la makalata. Zimenezi n'zokomera inu ngati imelo ili kale m'dzina limeneli, chifukwa mukhoza kungoyamba kuilemba ndi kadontho pa makhadi popanda kusintha chilichonse. Koma ngati mukufuna dzina limodzi loyenda paliponse, kadontho ndi kamzere zonse zikugwa, aliyense pakhomo pake.

Ndiye inuyo mutani?

Lekanitsani mawu awiriwo ndi mawu ena, osati chizindikiro. Chichewa chinatipatsa kale kamawu koyenera, `wa`. Lembani `estherwanyimbo`. Tsopano `r` wagundana ndi `w`, zomwe sizipanga chilembo china, ndipo dzinalo likumveka ngati mmene munthu angakutchulireni pakamwa. Lili ndi zilembo 14. X amalola zosapitirira 15, Instagram 30, Gmail kuyambira 6 mpaka 30, ndiye likukwana konseko. Mulibe `l`, mulibe nambala. Lizilembedwa lonse ndi zilembo zazing'ono nthawi zonse, kuti anthu azolowere maonekedwe amodzi ndipo `i` azioneka ndi kadontho kake pamutu.

Likakhala kuti latengedwa, musathamangire manambala. Sinthani mawu a zokondazo kaye: `estherwoimba`, `estherkwaya`, kapena tembenuzani kukhala `nyimboesther`. Manambala akhale omaliza kuganiziridwa, ndipo mukakakamizika tengani `3`, `4` kapena `7`. Siyani `0` ndi `1`. Siyaninso `5` yemwe amafanana ndi `s`, `2` wofanana ndi `z`, ndi `6` ndi `9` omwe pa zolemba pamanja amasanduka `b` ndi `g`. Chaka chimene munabadwa musachiikemo, n'kupatsa anthu osawadziwa chinthu chomwe mabungwe ena amafunsa pofuna kutsimikiza kuti ndinudi.

Amene dzina lawo lili kale ndi `l`, monga Lilian kapena Limbani, sangalithawe, ndipo sindikunena kuti asinthe dzina. Angoonetsetsa kuti pafupi ndi `l` palibe `1`, palibe `I` wamkulu, ndiponso kuti mawu achiwiri sakuyamba ndi `l` ngati dzina lathera ndi `l`. `danielluka` ali ndi timizere tiwiri togundana pamsoko, wina alemba kamodzi. `danielwoluka` alibe vutoli.

Musanadine batani losungira, liyeseni kawiri. Lilembeni pa foni, muchepetse kuwala, muitalikitse mkono wonse, wina amene sakulidziwa alikopere papepala. Kenako muuzeni munthu wina pakamwa kamodzi kokha, osatchula chilembo chimodzichimodzi, alembe. Kuyesa kwa pakamwaku kumagwira zomwe maso sagwira, makamaka `l` ndi `r` zomwe ambirife timasinthanitsa polemba, ndi `h` wa mu Esther yemwe ena amamusiya n'kulemba `ester`. Akabweretsa `esterwanyimbo`, fufuzani ngati pali kale munthu wa dzina limenelo, chifukwa ndi kumene mauthenga anu osochera azikafikira. Pomaliza, mukasintha, dziwani kuti pa Instagram ndi X dzina lakale limadzamasulidwa ndipo wina akhoza kulitenga, choncho lengezani latsopanolo kwa okutsatirani musanasinthe, ndipo mukonze malinki onse amene munagawa kale.