N'chifukwa chiyani pafupifupi mtundu uliwonse uli ndi Kalulu wake?

"Zikomo mlembi. Ndinkayesa kuti Kalulu ndi wa nthano zathu zokha, koma mwana wanga wabwera ndi buku la nthano za kunja, ndipo paliponse muli kanthu kochenjera konyenga anzake: kwina kangaude, kwina khwangwala. Kodi anthu ankangoberana nthanozi? Nanga kamberembere ameneyu ntchito yake n'chiyani, poti khalidwe lake si loti mwana n'kutengera?"

Zikomo kwambiri mayi chifukwa cha kalata yanu. Zoti nthano zimayenda ndi anthu n'zoona, ndipo pali imodzi imene mapazi ake amaoneka bwino: ya chidole chomata. Kakuba kovutitsa kaja amakatchera ndi chidole chopakidwa ulimbo kapena phula. Kafika, kapereka moni, chidole chili duu. Kapsa mtima, kaponya khofi, dzanja lakakamira. Kaponya linalo, lakakamiranso. Miyendo chimodzimodzi, mpaka mutu. Katswiri wina wa nthano, Aurelio Espinosa, anasonkhanitsa mitundu 267 ya nthano yomweyi ndi kulemba za iyo mu 1943. Ili ku Africa, ili ku America komwe wokodwayo ndi kalulu wotchedwa Br'er Rabbit, ili ku Indonesia komwe Kancil, kagwape kakang'ono kokuba nkhaka, amamatirira pa choopsezera mbalame cha mlimi. Ngakhale m'nthano zakale za Chibuda za ku India muli kalonga womenya chiwanda cha ubweya womata n'kukakamira malo asanu. Nthano zofanana mpaka dongosolo la nkhonya sizingakhale zangozi. Ya ku America tikudziwa kuti zambiri zake zinaoloka nyanja ndi anthu ogwidwa ukapolo, monganso kangaude Anansi wa Aakani a ku Ghana anakafika ku Jamaica.

Koma kuyenda kokha sikufotokoza zonse. Maui wa ku zisumbu za Polynesia, amene anakola dzuwa ndi zingwe kuti liziyenda pang'onopang'ono, sanachokere kwa Anansi. Hermes, mulungu wa Agiriki amene anaba ng'ombe 50 za Apollo tsiku lomwe anabadwa n'kuziyendetsa chafutambuyo kuti ziboda zisokoneze wolondola, nayenso ndi wa kwawo. Katswiri wa za maganizo a anthu Carl Jung, m'buku la Paul Radin la 1956 lonena za kamberembere wa Awinebago, mtundu wina wa Amwenye a ku America, anati munthu wotere ali kale mumtima mwa aliyense chibadwire. Ine yankho limeneli silindikhutiritsa, chifukwa limangopatsa funso dzina lina. Ndimaona kuti chifukwa chake chili pafupi: kulikonse kuli wamphamvu ndi wofooka, ndipo wofooka chimene ali nacho ndi pakamwa basi. Komanso wofotokoza nthano aliyense amafuna munthu woswa lamulo, apo ayi nthano siyamba. Nyama zonse zikakumba chitsime mogwirizana, n'kumwa mogwirizana, mwatsala ndi chiyani choti munene?

Tiyeni tione nthano imodzi mwapafupi, ya m'mene Anansi anagulira nthano zonse kwa Nyame, mulungu wa kumwamba, yomwe R. S. Rattray, katswiri wa chikhalidwe cha Aakani, anailemba m'buku lake la 1930. Mtengo wake unali zinthu zinayi zamoyo: nsato, kambuku, mavu ndi kamzimu kam'nkhalango kotchedwa Mmoatia. Mafumu amphamvu anali atalephera.

Nsato anaigwira chonchi. Anadula nthambi ndi luzi, n'kumayenda m'mbali mwa mtsinje akudzikanganira yekha mokweza, kuti mkazi wake Aso akunama ponena kuti nthambiyo ndi yaitali kuposa nsato. Nsato itamva, inatuluka yokha n'kuti ayese. Inadziwongola pambali pa nthambi, Anansi n'kuimanga kuyambira kumchira mpaka kumutu. Taonani bwino: sanaithamangitse, sanaikhudze mpaka itagona yokha. Chimene chinaimanga si luzi, ndi kufuna kutamandidwa. Mavu anawawaza madzi, nayenso n'kudzinyowetsa, kenaka n'kuwauza kuti mvula yayamba, alowe m'chipanda ausemo. Atalowa anatseka pakamwa. Apa nyambo inali mantha, ndipo wonyengayo anabwera ngati wothandiza. Kambuku anagwera m'mbuna, ndipo pamenepo palibe zambiri. Koma Mmoatia anamukola ndi chidole chomata chomwe chija! Anachiikira chakudya, kamzimu kanadya n'kuthokoza, chidole osayankha, khofi n'kuyamba. Msampha umene kwina umagwira kamberembere, kuno akuutchera ndi iye.

Ndiye pa nkhawa yanu ya mwana, funsani kuti womvera amatolapo chiyani. Bodza la kamberembere limanenedwa womvera akuona mbali zonse ziwiri. Mwana amadziwa zimene Anansi akudziwa, amadziwanso zimene nsato ikuganiza, ndipo amaseka chifukwa waona pamene ziwirizi zasiyana. Ameneyo akuphunzira kuzindikira mawu otsekemera obisa mbedza, popanda kulumidwa. Kawirikawiri mwana amafuula "usagone!" nsato isanagone n'komwe.

Ntchito ina ndi yopereka mpata wolankhula zosalankhulika. Rattray anaona kuti wofotokoza nthano wa Chiakani ankayamba ndi mawu okana, oti zimene anene si zoona kwenikweni, ndipo pambuyo pa mawu amenewo mfumu yaumbombo kaya wansembe wachinyengo ankatha kusekedwa m'dzina la nyama. Ukafunsidwa ungoti, ine ndimanena za njovu. Kwa akapolo a ku America nkhaniyi sinali yamasewera. Kalulu wopempha nkhandwe kuti imuchite chilichonse koma isamuponye m'minga, pamene m'mingamo ndi momwe anabadwira, anali kuphunzitsa m'mene ungagwiritsire ntchito nkhanza za mdani wako kuti upulumuke.

Komabe ndisakunamizeni kuti iyeyu ndi msilikali wa osauka. Apa m'pamene mabuku ambiri a ana amalakwitsa, pomusambitsa mpaka kuyera. M'nthano zosakonzedwa amabera ofooka anzake, amadya chakudya cha ana ake omwe, ndipo nthawi zina ndi chitsiru chenicheni. Wakdjunkaga wa Awinebago akusenda njati, dzanja lake lamanja linayambana ndi lamanzere mpaka kulicheka ndi mpeni, iye n'kumalira kuti wadzivulaziranji. Zabwino zimene amabweretsa nthawi zambiri zimangogwa m'njira. Anansi anafuna kubisa nzeru zonse mumphika pamwamba pa mtengo, koma anamangirira mphikawo pamimba n'kumalephera kukwera. Mwana wake atamuuza kuti aubereke kumsana, anapsa mtima poona kuti nzeru ina yatsala kunja, mphika n'kugwa n'kusweka. Nzeru zinafalikira dziko lonse chifukwa cha umbombo wake, osati chifundo.

M'menemo ndi m'mene mungamusiyanitsire ndi anzake. Ngwazi imapambana ndi mphamvu ndipo imatha nthano itasintha. Woipa amafuna kuwononga ndipo akagonja zatha. Kamberembere chimamuyendetsa ndi njala kapena kunyong'onyeka, ndipo saphunzirapo kanthu: lero wapsa mchira, mawa wadzuka ndi pulani ina. N'chifukwa chake nthano zake zimabwera mulumulu, zopanda yoyamba ndi yotsiriza, ndipo wofotokoza aliyense atha kuonjezapo yake. Akadutsa malire nthano imasintha mtundu. Loki wa anthu a kumpoto kwa Ulaya anayamba ngati kamberembere wopulumutsa milungu ku mavuto oyambitsa yekha, koma atachititsa imfa ya mulungu Baldr kuseka kunatha. Anamumanga pamiyala, njoka ikumudonthezera ululu kumaso.

Mukamawerengera mwana wanu buku lija, yesani kuima pamene nsato yangotuluka m'madzi, mumufunse kuti Anansi akufunanji ndi nthambiyo. Kenaka mumufunse za nsato, kuti n'chiyani chaitulutsa pomwe panalibe woiitana.