Kodi Ida Chilembwe tingamupeze kuti?

"Ndine mphunzitsi wa mbiri pasekondale ina kuno ku Thyolo. Tikukonza sewero la tsiku la Chilembwe, ndipo mtsikana amene tamupatsa mbali ya mkazi wa abusawo wandifunsa kuti, 'Madamu, mayiyu anali ndani? Ankachita chiyani mwamuna wake akakhala kulibe?' Ndasowa chomuyankha. Mabuku athu amangoti Chilembwe anali ndi mkazi, basi. Ndiyambire pati?"

Aphunzitsi, mwanayo mumugwire dzanja m'malo mwanga, chifukwa njira wakusonyezani kale. Mayi wokwatiwa ndi munthu wotchuka amapezeka pamene mwamunayo palibe: asanakwatiwe, pantchito ya manja ake, ndiponso mwamunayo atamwalira. Mukamusaka pamene pali mwamuna, mudzangomuona ataima pambali.

Zimene zili poyera ndi izi. Dzina lake anali Ida, ndipo la kwawo amalemba Zuao. John Chilembwe atabwerako ku Amereka mu 1900 anakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, ndipo Ida ankaphunzitsa amayi ndi atsikana kusoka pamishonipo. Kuukira kunayamba pa 23 Januware 1915, mwamuna wake anaphedwa pa 3 Febuluwale, koma iye anakhalabe ndi moyo mpaka mliri wa chimfine wa 1918 unamutenga. Zaka zitatu zimenezo, ali wamasiye, tchalitchi chitagwetsedwa ndi boma la atsamunda, dzina la banja lake likuopedwa, ndi zake yekha. Ine ndikanakhala inu ndikanakumba pamenepo.

Musanapite kulikonse, lembani papepala maina onse amene mayiyu akanatchulidwa nawo. Izi ndinaziphunzira mowawa. Ndinkafufuza za agogo anga aakazi kuno ku Mulanje, amene amuna awo anali kapitawo wodziwika pamunda wina wa tiyi. Ndinakhala masiku awiri m'kachipinda ka tchalitchi china ndikutembenuza kaundula wa ubatizo, mapepala ake ofiira ngati fodya, m'mphepete atadyedwa ndi chiswe. Dzina la amuna awo ndinalisaka mzere ndi mzere, osawapeza. Tsiku lachitatu azakhali anandiseka kuti, "Iwe, pobatizidwa anali asanakwatiwe, ukufuniranji dzina la bambo aja?" Ndinawapeza m'mawa womwewo, atalembedwa dzina la atate awo, malembedwe ake mopotoka monga anamvera mlembi. Mudzi wonse unkawadziwa ndi dzina la mwana wawo woyamba, kutchalitchi dzina lachikhristu, kumaliro dzina la mfunda. Ida nayenso mumusake ngati Ida, ngati Zuao kapena Zuwao, ndiponso ngati "Mrs. Chilembwe", chifukwa azungu ndi amishoni ankalemba choncho. Mlozera wa kumapeto kwa buku musaukhulupirire kwambiri. Kawirikawiri mkazi amamuika pansi pa dzina la mwamuna, mwinanso kumusiya, pomwe m'kati mwa masamba alimo.

Buku lalikulu la mbiri ya Chilembwe ndi Independent African, lolembedwa ndi George Shepperson ndi Thomas Price mu 1958. Muliwerenge chobwerera, titero kunena kwake. Pamene patchulidwa Ida, pitani ku timawu tating'ono tosonyeza kumene olembawo anatenga nkhaniyo, ndipo mulembe gwero limenelo. Zambiri za moyo wa pamishoni zinachokera m'nyuzipepala ya Abaptisti akuda a ku Amereka yotchedwa Mission Herald, imene inkasindikiza makalata ochokera ku Mbombwe. Kalata yopempha nsalu, ulusi kapena makina osokera ingaoneke yachabe kwa wolemba za nkhondo, koma kwa inu ndi chuma, chifukwa ikunena za ntchito imene Ida ankagwira. Kumbukirani kokha kuti makalata otero ankalembera anthu opereka ndalama, choncho amakometsa zinthu.

Tiyeni tiyese ndi nkhani ya kusokayo. Emma DeLany, mmishoni wachikuda wa ku Amereka, anagwira ntchito pakati pa amayi ku Mbombwe ndipo anachoka mu 1906. Ida ankaphunzitsa kusoka. Mtima umathamanga kulumikiza ziwirizi n'kunena kuti DeLany ndiye anamuphunzitsa, ndipo atachoka anamusiyira kalasi. N'zotheka ndithu. Koma m'kope lanu mfundo ziwiri zoyambazo zilembedwe ndi cholembera, chachitatuchi ndi pensulo, kufikira mutapeza kalata kapena mboni yonena choncho. Pambali pa mfundo iliyonse lembani amene ananena, chaka chimene ananena, ndiponso ngati anaona ndi maso kapena anangomva. Mukapeza mabuku asanu akunena chinthu chimodzi m'mawu ofanana, musasangalale kuti mboni zachuluka. Tsatirani, mudzapeza kuti onse anatunga pachitsime chimodzi.

Ku Zomba, ku National Archives, kuli mafayilo a boma a nthawi ya kuukira, ndipo umboni umene anthu anapereka ku bungwe lofufuza la 1915 John McCracken anausonkhanitsa m'buku mu 2015. Koma atsamunda ankafuna kudziwa amene anagwira mfuti ndi mkondo, ndipo oyankhulawo pafupifupi onse ndi amuna. Ida akatulukamo, atulukamo m'chiganizo chimodzi cha nkhani ya munthu wina. Laibulale ya Society of Malawi ku Mandala, mu Blantyre, ili pafupi nanu kuposa Zomba, yambirani kumeneko.

Kumene ndikukukakamizani kupita ndi ku Mbombwe kwenikweniko. Mishoni inatsegulidwanso mu 1926 ndi Dr. Daniel Malekebu, amenenso mkazi wake Flora mbiri yamuphimba chimodzimodzi, ndipo mabanja a akhristu oyamba akadali m'midzi yozungulira. Dzerani kwa abusa ndi kwa amfumu monga mwa mwambo, koma mukatero pemphani kukhala ndi amayi achikulire paokha, pamkeka. Kwathu kuno mbiri ya mkazi imasungidwa ndi mbumba yake, ndiye funso lalikulu ndi lakuti kwawo kwa Ida kunali mudzi uti, ndipo akuchikazi ake ali kuti lero. Musafunse kuti, "Tiuzeni za Mayi Chilembwe." Mudzamva za John. Funsani kuti, "Agogo anu anaphunzira kwa ndani kusoka? Anthu atathawa pamishoni, amayi ndi ana anabisala kuti? A mliri wa chimfine anaikidwa kumanda ati?" Za kumanda musapiteko nokha popanda chilolezo cha eni mudzi.

Amene anamuona Ida ndi maso kulibenso, choncho zonse mudzamva ndi zongolandira. Nkhani iliyonse ikatha, funsani mwaulemu kuti, "Agogo, zimenezi munamva kwa ndani?" Akatchula munthu, n'kuonjeza kanthu kakang'ono kosafunika, monga mtundu wa diresi kapena mtengo umene ankakhala pansi pake, nkhaniyo yadzera m'banja. Akayamba kutchula madeti ndendende ndi mawu a m'buku la pulayimale, dziwani kuti ndi za pawailesi za pa 15 Januware zimene zalowa m'mutu.

Za sewero lanu, mtsikanayo mumupatse singano, nsalu ndi anzake anayi oti aziwaphunzitsa, ndipo pakhale gawo lina mfuti zitaleka kulira, iye ali ndi ana. Mawu amene mudzamuike m'kamwa ndi anu, ndipo oonera muwauze choncho sewero lisanayambe. Mukapita ku Mbombwe mumutenge, iye ndiye akafunse agogowo.