Matesiti akufiira koma batani la Merge likugwirabe ntchito

"Anzanga, ndaika GitHub Actions pa pulojekiti yathu ya Django. Matesiti akalephera pakubwera X wofiira, koma anthu akuphatikizabe khodi yawo ku `main` popanda chowaletsa. Ndaphonya pati?"

Achimwene, X wofiirayo amangokuuzani kuti tesiti yalephera, satseka chilichonse. Fayilo yanu ya mu `.github/workflows` imangoyendetsa matesiti basi. Chotseka chili ku Settings, Branches, mupange lamulo la `main`, muchonge "Require a pull request before merging" ndi "Require status checks to pass before merging". Pachiwiripo anthu ambiri amachonga n'kuchokapo, osadziwa kuti pansi pake pali kabokosi kofuna dzina la ntchito yeniyeniyo, monga `tests`. Mukapanda kusankha dzinalo simunatseke kanthu. Ndipo silioneka pamndandanda ngati ntchitoyo sinayendepo m'masiku 7 apitawa. Ngati pulojekiti yanu ndi ya Private ndipo simulipira GitHub, lamuloli siligwira ntchito.

Ine zonsezi ndinazichita, koma ndinapsabe. Tinkapanga dongosolo lolandirira fizi ya sukulu kudzera pa foni, kukampani ina ku City Centre. Kampani ya mafoni ikapanda kuyankhidwa msanga ndi seva yathu, imatumizanso uthenga womwewo wa malipiro. Tinali ndi tesiti, `test_duplicate_callback`, yoonetsetsa kuti nambala imodzi ya malipiro isalembedwe kawiri. Lachisanu cha m'ma 4 koloko bwana wathu anasintha mbali imeneyo, tesiti inafiira, iwo akuthamangira ku ukwati ku Salima. Popeza anali ndi mphamvu za Admin, GitHub inawapatsa kabokosi kakuti "Merge without waiting for requirements to be met". Anachonga, kudina, kutseka laputopu, ulendo. Ndipo chilichonse cholowa ku `main` chinkapita chokha pa seva.

Foni inandipeza ndili mu minibasi pa Area 18, ndikupita kwathu ku 25, mvula ikutsanuka. Mayi wowerengera ndalama kusukuluko mawu akunjenjemera, akuti kholo lalipira K85,000 koma risiti ikuonetsa K170,000, ndipo si mmodzi yekha. Kunyumba ndinapeza magetsi azima, batire ya laputopu ili pa 31, intaneti ya pa foni ikudukaduka. Ndinakhala pa mkeka ndi kandulo, kutsata mzere uliwonse mu tebulo la malipiro, kusiyanitsa olembedwa kawiri ndi makolo amene analipiradi kawiri chifukwa ali ndi ana awiri. Ndalama zake zofanana ndendende, ndiye ukafufuta molakwika mwana wosalakwa Lolemba akabwezedwa pa geti. Nsima inazizira pa tebulo. Mkazi wanga anangoivundikira n'kukagona.

Lolemba pa msonkhano bwana yemwe uja, pamaso pa aliyense: "Kodi paja munati zinthu zanuzi zimatseka zolakwika?" Mtima unandiwawa kwambiri. Dzina lawo lili pa mbiri ya PR, pull request ija, X wofiira ali pompo, koma wofunsidwa ndine. Mpaka lero sanapepese.

Ndiye chongani "Do not allow bypassing the above settings". Popanda chimenecho lamulo lanu limangogwira ana a ntchito, akuluakulu amadutsa.

China ndinachitulukira patapita masabata, ndipo ichi chinali cholakwa changa. Nkhani ija itapita, pofuna kusunga zotsatira ndinalemba chonchi:

```yaml
- run: pytest | tee zotsatira.txt
```

Zonse zinkabiriwira tsiku ndi tsiku. Chifukwa chake n'chakuti pa mzere wotere chimene chimawerengedwa ndi yankho la lamulo lomaliza, ndipo `tee` amabweza 0, kutanthauza kuti zayenda bwino, ngakhale `pytest` abweze 1, kutanthauza kuti tesiti yalephera. Mukapanda kutchula `shell`, GitHub imayendetsa `bash -e` yopanda `pipefail`, imene imalepheretsa mzere wonse lamulo limodzi likalephera. Mukawonjezera mzere umodzi, `shell: bash`, pansi pa `run`, imaika `pipefail` yokha. Fufuzaninso `|| true` ndi `continue-on-error: true`, zimabisa kulephera chimodzimodzi.

Musakhulupirire chizindikiro chobiriwira musanachione chikufiira. Tsegulani nthambi, lembani `assert False` mu tesiti imodzi, tsegulani PR, muone ndi maso anu kuti batani lazilala. Kenako muuze wa Admin ayesere pa kompyuta yake.

Komabe ndinene zoona: usiku uja chinandipulumutsa ndi khomo lomwelo. Matesiti athu ankatenga mphindi 20, batire sikanafika, ndiye nanenso ndinabweza khodi ya bwana podutsa pambali. Choncho khalani ndi munthu mmodzi wodziwa kuchotsa chongacho zinthu zikavuta usiku, agwirizane ndi gulu kuti akatero alembe chifukwa pa PR ndipo achibwezere m'mawa. Kungoti munthuyo asakhale amene amakonda kuphatikiza khodi Lachisanu madzulo.