Buku la sevisi ya minibasi: zolembamo ndi malo osayinapo

Funso la Mayi wina m'gulu lino: "Abale, malemu bambo a ana anandisiyira minibasi zitatu, ziwiri zimayenda Nchalo–Blantyre, ina Nchalo–Nsanje. Mwezi uliwonse madalaivala amabwera ndi nkhani ya mabuleki ndi oyilo, ndalama ndimapereka koma sindidziwa chomwe chakonzedwa. Amene ali ndi fomu yolembapo za sevisi andithandizeko, ndi malo oti anthu azisayinapo."

Mayi, pepani ndi zovutazo. Ine ndasunga mabuku a minibasi za achimwene anga pa Nchalo pompano kwa zaka zingapo, ndiye ndikupatsani momwe timalembera ife, mukopere m'makope. Gulani makope atatu a chikuto cholimba, galimoto iliyonse lake. Musaphatikize zitatuzo m'buku limodzi, chifukwa chomwe mukufuna kuona ndi mbiri ya galimoto imodzi kuchokera pamwamba kutsika pansi, popanda inzake kulowererapo.

Tsamba loyamba mumalemba kamodzi basi: nambala ya galimoto, mtundu wake, nambala ya tchesisi ndi ya injini, saizi ya matayala, oyilo amene imamwa monga alembera pachigubu (zathu za dizilo timathira 15W-40), ndi masiku othera COF, inshuwalansi, pemiti ndi laisensi ya dalaivala. Masiku otherawo lembani ndi pensulo kuti muzifufuta. Pamenepa palibe chovuta.

Nkhani yagona pa makilomita. Anthu ambiri amalemba tsiku lokha, "pa 4 anathira oyilo", koma injini siidziwa kalendala, imadziwa mtunda. Minibasi ya Nchalo–Blantyre ikapita ndi kubwera kawiri patsiku imadya makilomita pafupifupi 320. Ife oyilo timasintha pa makilomita 5,000 aliwonse chifukwa cha fumbi ndi kutentha kwa kuno, ndiye mukagawa 5,000 ndi 320 mupeza masiku 15 kapena 16 ogwira ntchito. Tsono amene amapanga sevisi pakutha pa mwezi amakhala atadutsitsa kale ndi makilomita masauzande angapo, pomwe galimoto imene inakhala sabata ziwiri pagalaja akuithira oyilo watsopano isanafike n'komwe. Mzere uliwonse m'bukumo uyambe ndi tsiku ndi nambala ya padashibodi. Ngati wotchi ya makilomita inafa, ikonzeni kaye musanagule china chilichonse. Podikira, kondakitala azilemba maulendo, inu muzichulukitsa ndi mtunda wa msewuwo.

Gawo loyamba ndi la tsiku ndi tsiku, mzere umodzi patsiku, wolemba ndi dalaivala:

Tsiku ____ Makilomita m'mawa ____ Makilomita madzulo ____ Msewu ____
Oyilo wowonjezera (malita) ____ Madzi a muladiyeta owonjezera (malita) ____ Mafuta a mabuleki: ali pamzere / atsika
Matayala, magetsi, chitseko: zili bwino / vuto ____
Zomwe ndamva kapena kuona poyenda ____
Dalaivala wasayina ____ Wolandira makiyi wasayina ____

Pa madzi a muladiyeta ndiimepo pang'ono, chifukwa kuno kuchigwa ndi pomwe injini zambiri zimafera. Galimoto yodzaza ikachoka pa Thabwa n'kuyamba kukwera zitunda mu Okutobala, dzuwa lili pamutu, singano ya kutentha imakwera ndithu. Dalaivala akangolemba kuti "ndathira madzi" simuphunzirapo kanthu. Akalemba malita, mudzaona theka la lita pasabata likusanduka lita imodzi patsiku, ndipo pamenepo mudziwa kuti paipi, chivindikiro kapena pampu yamadzi yayamba kudontha, gasiketi isanapse. Afunseninso komwe akutunga madziwo. Mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi Nsanje madzi ake ndi amchere, ndipo mcherewo umatseka timipata ta ladiyeta pang'onopang'ono. Ife m'galimoto iliyonse mumakhala chigubu cha malita 5 cha kulanti wosakaniza kale, ndipo chikatha msanga ndiye kuti chatiuza kanthu.

Gawo lachiwiri, kuyambira pakati pa kope, ndi la ntchito ya makaniko. Ntchito iliyonse itenge tsamba lake lathunthu, ngakhale ikhale yaing'ono:

Nambala ya ntchito ____ Tsiku ____ Makilomita ____
Dandaulo, m'mawu a dalaivala mwini ____
Chomwe makaniko wapeza ____
Chomwe wachita ____
Masipeya: dzina, kuchuluka, atsopano kapena ogwirapo kale ntchito, mtengo, nambala ya lisiti ____
Mapadi akutsogolo (mamilimita): kumanzere ____ kumanja ____
Mabuleki akumbuyo ____ Mafuta a mabuleki anasinthidwa pa ____
Zomwe zaoneka koma sizinakonzedwe lero ____ Zikonzedwe asanafike makilomita ____
Sevisi yotsatira pa makilomita ____
Galimoto: IYENDE / ISAYENDE

Mizere itatu ija, dandaulo, chopezeka ndi chochitidwa, musalole kuti aiphatikize. Ikasiyana ndi pomwe mumagwira nkhani. Dalaivala wadandaula kuti buleki ikumira, makaniko walemba kuti wasintha mapadi, koma pa chopezeka palibe chilichonse: ndiye kuti palibe amene anafufuza chifukwa chake buleki imamira.

Ndikuuzeni za Hiace yathu ina kuti muone ntchito ya mamilimita aja. M'kope lakale munali mawu awiri okha, "mapadi asintha", katatu m'miyezi inayi. Achimwene ankakalipira dalaivala kuti amatsika zitunda phazi lili pabuleki m'malo motsika ndi giya yaing'ono, dalaivala naye ankati mapadi ake ndi achinyengo. Titayamba fomuyi, tinaika mapadi atsopano pa makilomita 386,200, mbali zonse mamilimita 10. Pa sevisi yotsatira, 391,300, makaniko anachotsa matayala akutsogolo n'kuyeza padi yopyapyala kwambiri mbali iliyonse: kumanzere 9, kumanja 8. Palibe amene anadabwa. Pa 396,400 kumanzere kunali 8, kumanja 5.

Phazi la dalaivala ndi limodzi, silingadye mbali imodzi n'kusiya inayo. Ndinabwerera m'mizere ya tsiku ndi tsiku ndipo ndinapeza kuti mnyamatayo analemba kawiri kuti pofika pa Thabwa limu yakumanja imatentha yosagwirika, ndi fungo la chinthu chopserera. Ndinawerengeranso. Kumanja kwadya mamilimita 3 pa makilomita 5,100, ndipo ife padi ikafika pa 3 timachotsa. Yatsala ndi 2 okha, omwe ndi makilomita ngati 3,400, masiku 10 kapena 11. Ndiye kuti ikanafika pamalire sevisi ina isanakwane, ili pamsewu ndi anthu. Tinalemba ISAYENDE tsiku lomwelo. Makaniko atamasula kalipa, chitsulo chomwe chimakanikiza mapadi pa disiki, anapeza timphira totchinga mapini titang'ambika, mapiniwo achita dzimbiri ndi matope ouma, kotero padi imakhalabe yokanikiza disiki ngakhale dalaivala atachotsa phazi. Matopewo analowa m'dzinja, galimoto itawoloka madzi osefukira pamsewu. Anapukuta mapini, kuika gilizi wa mabuleki ndi timphira tatsopano, mapadi mbali zonse ziwiri, n'kusintha mafuta a mabuleki onse chifukwa anali atada. Masevisi awiri otsatira mbali zonse zinkatha mofanana.

Mafuta a mabulekiwo ali ndi mzere wakewake pa chifukwa. Aja olembedwa DOT 3 kapena DOT 4 amayamwa chinyezi akamakalamba, ndipo akatentha potsika phiri lalitali madzi aja amawira, phazi n'kumira mpaka pansi. Galimoto ikazizira buleki imabwerera, dalaivala n'kuiwala kunena. Ife timasintha kamodzi pachaka, mvula ikangotha. Ndipo galimoto ikawoloka madzi ofika pakati pa tayala, dalaivala alembe tsiku lomwelo, makaniko aone mabuleki, mabeling'i ndi oyilo wa mudifu. Oyiloyo akaoneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti madzi alowa. Yanu ya ku Nsanje ija ndi imene idzafune zimenezi kawirikawiri.

Tsopano zosayina. Pansi pa tsamba la makaniko pakhale mizere itatu, ndipo uliwonse unene chimene munthuyo akuvomera, osati dzina lokha:

Makaniko: Ndachita ntchito yalembedwa pamwambayi, masipeya akale ndabweza. Dzina ____ Siginecha ____ Tsiku ____
Dalaivala: Ndaiyesa galimoto pamsewu, vuto lomwe ndinanena latha / silinathe. Dzina ____ Siginecha ____ Tsiku ____
Mwini galimoto: Ndaona malisiti ndi masipeya akale, ndalola kuti inyamule anthu. Dzina ____ Siginecha ____ Tsiku ____

Asayine motsatana momwemo, ndipo inu mukhale omaliza. Ndalama ya ntchito ya makaniko ituluke dalaivala atasayina kuti "latha". Akalemba "silinathe", tsambalo silitsekedwa, ndipo ntchito yobwereza ilembedwe pansi pa nambala yomweyo, kuti musalipire kawiri vuto limodzi. Munthu mmodzi asasayine mizere iwiri. Ngati dalaivala ndi amene wakonza yekha panjira, mwina fanibeluti yaduka pa Bereu, alembe ngati makaniko, koma mzere woyesa asayine makaniko wanu galimoto ikafika. Masipeya akale aikidwe m'jumbo yolembedwa nambala ya ntchito. Simufunika kukhala makaniko kuti muone ngati padi yomwe akubwezerani ndi yotha kapena ikadali yonenepa, kapenanso ngati fyuta ya oyilo ndi ya galimoto ina. Malisiti muziwabaya ndi sitepula patsamba lomwelo.

Mzere umene anthu amakonda kuusiya wopanda kanthu ndi wa zomwe zaoneka koma sizinakonzedwe. Ndalama sizikwana tsiku lililonse, zimenezo tonse tikudziwa, ndipo si zonse zofunika kukonza lero. Koma makaniko akanena pakamwa kuti tayala lakumbuyo latsala pang'ono, mawuwo amathera pagalaja pomwepo. Akalemba, ndi malire a makilomita, ndipo inu mwasayina pansi pake, chisankho chakhala chanu. Zokhudza mabuleki, chiwongolero ndi tayala lotupa kapena loonekera mawaya sizilowa pamzere umenewu, zimenezo ndi ISAYENDE basi.

Fomuyi ili ndi pomwe imalephera. Dalaivala amene mumamufunsa tageti yathunthu ngakhale tsiku lomwe galimoto yakhala theka la tsiku pagalaja sadzalemba vuto lililonse, chifukwa kulemba ndi kudzidulira yekha chakudya. Muwauze poyera onse atatu kuti tsiku la sevisi tageti imatsika, ndipo musunge mawu anuwo. Komanso kope likhoza kudzazidwa Lamlungu madzulo, sabata yonse ndi cholembera chimodzi, manambala ongopeka. Mudzazindikira makilomita akamathera pa ziro tsiku lililonse, kapena dizilo wogulidwa akapanda kugwirizana ndi mtunda wolembedwa. N'chifukwa chake makiyi akamabwera madzulo, wolandira aziyang'ana yekha padashibodi asanasayine. Minibasi ikagona ku Nsanje, dalaivala ajambule dashibodi ndi mzere wa tsikulo pafoni n'kukutumizirani usiku womwewo.

Poyamba, popeza mbiri yakale mulibe, itanani makaniko mmodzi Loweruka likubwerali, achotse matayala a minibasi zonse zitatu, ayeze mapadi, asinthe oyilo ndi mafyuta, aone mafuta a mabuleki, inu mutakhala pampando pomwepo ndi makope anu. Tsamba limenelo mulilembe kuti ntchito nambala 1, ndipo makilomita a tsiku limenelo ndi omwe muziwerengerapo 5,000 yoyamba.