Tebulo la mu Word likusokonekera ndikaliika mu Excel

"Abale thandizeni, ndine mlembi wa gulu la alimi a tiyi kuno ku Mulanje, ndili ndi tebulo mu Word la makalabu, maina a alimi, midzi ndi makilo a Januwale ndi Febuluwale. Ndikalikopera mu Excel makilo akumapezeka pansi pa maina, mizere ina ikuchita kuberekana. Muli mabokosi ena ophatikiza. Nditani?"

Alembi, musayambe kutaipanso chilichonse, tebulo lanu lili bwinobwino, kungoti ntchito yake imayambira mu Word momwemo musanakope.

Kuberekana kwa mizereko ndi Enter. Bokosi lililonse lomwe munthu anadinamo Enter, mwachitsanzo analemba dzina la mlimi kenako pansi pake nkulemba kuti "mkazi wake ndiye amatenga ndalama", Excel amaona ngati mizere iwiri, ndiye amatsegula mzere wina nkuphatikiza mabokosi oyandikana nawo kuti zikwanirane. Ndiye pangani chonchi, sungani kaye fayilo ina yapadera kuti yoyambayo isaonongeke, sankhani tebulo lonse, dinani Ctrl+H, pa Find what lembani ^p ndipo pa Replace with lembani @@ kenako Replace All. Akakufunsani ngati apitirize kusaka m'chikalata chonse mukane. Bwerezaninso ndi ^l chifukwa ena amadina Shift+Enter, pamaso zimaoneka zofanana koma Word amaziwerenga mosiyana.

Tsono pomata mu Excel ndi pamene ambiri amalakwitsa. Pali anthu adzakuuzani kuti matani ngati Text basi kuti zioneke zoyera, ine ndikuti ayi pa tebulo lophatikiza musayerekeze. Taonani mzere wanu wakumapeto uja wa ZONSE, tinene kuti mawuwo anaphatikiza mabokosi atatu, la kalabu, la dzina ndi la mudzi. Kwa Word mzere umenewo uli ndi mabokosi atatu okha osati asanu, ndiye mukamata ngati Text, ZONSE imakhala pa A, makilo a Januwale amagwera pa B pansi pa maina, a Febuluwale pa C pansi pa midzi, pomwe malo awo ndi D ndi E. Ndi zomwe mukuonazo. Dinani pa A1 nkumata ndi Ctrl+V wamba, abwere ndi kuphatikiza kwake konse, asaoneke bwino palibe kanthu bola chilichonse chili pa malo ake.

Kenako sankhani zonse, pitani pa Home, kamuvi ka pambali pa Merge & Center, dinani Unmerge Cells. Apa musadzidzimuke, mawu amatsala m'bokosi loyamba lokha la pamwamba kumanzere ena onse amakhala opanda kanthu. Ngati kalabu ya ku Limbuli inaphatikiza alimi 6 kuyambira A2 mpaka A7, dzinalo likhala pa A2 pokha. Mukazisiya choncho tsiku lomwe mudzapange Sort kapena Filter alimi 5 enawo adzakhala opanda kalabu, nde pa nkhani ya ndalama za tiyi mukudziwa nokha phokoso lake.

Kudzaza kwake sikovuta. Sankhani kuyambira A2 mpaka mlimi womaliza, mu A mokhamo, dinani F5, Special, Blanks, OK. Osadina pena paliponse, lembani = kenako kabatani ka muvi woloza m'mwamba, muona pa A3 palembeka

```
=A2
```

ndiye dinani Ctrl+Enter osati Enter yekha. Bokosi lililonse lopanda kanthu litenga dzina la pamwamba pake, ikafika kalabu ya ku Chitakale ziyamba kutenga imeneyo. Mukatero kopani A yense nkumata pomwepo ndi Paste Special, Values, apo ayi mukadzasanja mizere maina adzasinthasintha chifukwa akadali mafomula. Chonde izi musapange ku makilo, mlimi yemwe sanathyole mwezi umenewo atha kupatsidwa makilo a mnzake wa pamwamba.

Mutu ngati unali wa nsanjika, MAKILO pamwamba miyezi pansi pake, ingolembani ndi manja mzere umodzi, Makilo Januwale, Makilo Febuluwale, winawo fufutani musanayambe zodzazazi. Ma @@ aja mutha kuwasintha ndi chizindikiro cha comma kudzera pa Ctrl+H, kapena ngati mukufuna mawu atsike m'bokosi momwemo dinani Ctrl+J pa Replace with, sipaoneka kanthu koma zimagwira, nkuyatsa Wrap Text.

Musanatumize kwa apampando yesani kaye. Ngati alimi athera pa mzere 41 lembani penapake

```
=SUM(D2:D41)
```

muyerekeze ndi ZONSE ya Januwale ya mu Word ija. Zikasiyana yang'anani nambala zomwe zakhala kumanzere kwa bokosi, zimenezo Excel akuziona ngati mawu, kawirikawiri munthu analemba "45kg" m'malo mwa 45. Mukaonanso timadanga topyapyala topanda kanthu pakati pa maina ndi midzi ndiye kuti mu Word wina anakoka malire a mabokosi mizere ina yokha, onetsetsani kuti mulibedi kalikonse mpaka pansi musanatifufute.