Uta wa Lorenz ndi nambala ya Gini: tizinena bwanji m'Chichewa?

Funso: Ndimaphunzitsa achinyamata oyenda m'makomo kulemba za chuma cha mabanja. Tikafika pa "kumyuletivu", "kevu ya Lorenz" ndi "koefishenti ya Gini", lilime limangothawira ku Chingerezi, iwo n'kumangondiyang'ana. Mawu ake alipo m'Chichewa? (Mphunzitsi, Dedza)

Alipo ndithu aphunzitsi, ndipo "kevu" ameneyo mumsiye. Khutu la Mchewa likamva "kevu" limaganiza za munthu wina dzina lake Kevini. Chithunzicho, choonetsa momwe ndalama zagawikira pakati pa mabanja, chiyang'aneni bwino: mzere wowongoka wochoka pangodya ya pansi kumanzere kukafika pangodya ya pamwamba kumanja, ndi mzere wina wopindika wolendewera kunsi kwake, iwiriyo yokumana kunsonga zonse. Umenewo ndi uta ndi chingwe chake. Makolo athu ataona chopindika kumwamba mvula ikamakata anati uta wa Leza, ndiye ife tingalephere bwanji kunena kuti uta wa Lorenz? Max Lorenz wa ku America anaujambula mu 1905, ndipo Corrado Gini wa ku Italy anatulutsa muyeso wake mu 1912. Maina awo asiyeni, ndi a eni ake. "Koefishenti" ingoti nambala ya Gini, basi.

Pamene ndifuna tikhalitsepo ndi pa "kumyuletivu". Ndamvapo ena akuti kuphatikiza, ena kuwonkhetsa, ndipo onsewo aphonya. Kuphatikiza ndi kuika ziwiri pamodzi n'kuthana nazo. Kuwonkhetsa ndi kwa pamapeto, monga wogulitsa m'golosale akamatseka buku madzulo. Koma apa tikufuna mulu womwe ukukula tikuuona, ndipo timauyeza nthawi iliyonse tikathirapo. Agogo anga pokolola ankati "unjikani apa", dengu lililonse n'kumakhuthulidwa pamwamba pa linzake. Choncho ine ndimati gawo lounjikiza. Ka -iz- kali mkatimo, m'khutu langa, kamanena za kuwonjezera pa zomwe zilipo kale, monga mu kusanjikiza. Akatswiri a galamala akhoza kunditsutsa, koma sindisuntha.

Tiyese ndi mudzi wongopeka wa mabanja 100, omwe onse pamodzi amapeza K10,000,000 pa mwezi. Choyamba muwandandalike kuyambira losaukitsitsa kukafika lolemeretsetsa, kenaka muwagawe m'magulu asanu a mabanja 20. Tinene kuti gulu loyamba limapeza K500,000, lachiwiri K1,000,000, lachitatu K1,500,000, lachinayi K2,500,000, lomaliza K4,500,000. Pa 100 iliyonse ya ndalama za mudziwo, maguluwa atenga 5, 10, 15, 25 ndi 45. Tsopano unjikizani. Gulu loyamba lokha lili ndi 5. Mukathirapo lachiwiri mulu wafika 15, lachitatu 30, lachinayi 55, lomaliza 100. Ukapanda kuthera pa 100 ndiye kuti dengu lina lagwera m'njira, bwererani.

Pojambula, mzere wogona wa pansi ndi wa mabanja ounjikiza: 20, 40, 60, 80, 100. Mzere woimirira ndi wa ndalama zounjikiza. Ikani kadontho pa 20 ndi 5, pa 40 ndi 15, pa 60 ndi 30, pa 80 ndi 55, pa 100 ndi 100, n'kulumikiza madonthowo kuyambira pa 0. Chingwe cha uta chikuonetsa mudzi womwe aliyense amapeza mofanana, pomwe mabanja 60 akanakhala ndi 60 pa 100 ya ndalama. M'mudzi wathu wongopekawu ali ndi 30 yokha, n'chifukwa chake utawo walendewera. Ukaoneka wotumphuka pamwamba pa chingwe, kapena wokwera kwambiri kenaka n'kugona, musati mwatulukira zachilendo. Mwangosokoneza ndandanda, gulu lolemera lalowa patsogolo pa losauka.

Nambala ya Gini imayeza mpata wa pakati pa uta ndi chingwe, poyerekeza ndi malo onse a kunsi kwa chingwecho. Mpata ukakhala kuti palibe, nambala ndi 0. Banja limodzi likatenga zonse, imayandikira 1. Kawerengedwe kake n'kotere:

```
G = 1 - Σ (Xᵢ - Xᵢ₋₁) × (Yᵢ + Yᵢ₋₁)
```

X ndi mabanja ounjikiza, Y ndi ndalama zounjikiza, zonse zolembedwa ngati tizigawo ta 1, kotero 15 pa 100 ikhala 0.15. Ka i ndi gulu lomwe mwafikapo, i-1 ndi la m'mbuyo mwake, ndipo Σ ikuti muwonkhetse za magulu onse. Pa gulu lililonse muphatikize (apa ndiye malo ake a kuphatikiza) mulu wa musanathire ndi mulu wa mutathira. Mupeza 0.05, 0.20, 0.45, 0.85 ndi 1.55. Kuwonkhetsa zonsezo ndi 3.10. Popeza gulu lililonse ndi 0.2 ya mabanja onse, chulukitsani 3.10 ndi 0.2, mupeza 0.62. Chotsani pa 1, yatsala 0.38. Mwaona kuti maverebu atatu aja aliyense wagwira ntchito yakeyake m'samu imodzi? Chingerezi cha ophunzira anu chikanangoti "kuadi" ponseponse.

Chenjezo lomwe ophunzira ayenera kulimva ndi ili: nambala yochokera m'magulu imachepetsa kusiyana kwenikweni. Polumikiza madontho ndi mizere yowongoka, tikunamizira kuti mabanja 20 a m'gulu limodzi amapeza mofanana, chonsecho m'gulu lomaliza muja mwina muli mwini chigayo mmodzi yemwe watenga theka. Muwaonetse ndi mudzi womwewu. Ugaweni pawiri pokha, mabanja 60 a pansi okhala ndi 30, ndi 40 a pamwamba okhala ndi 70. Gulu loyamba ndi 0.6 kuchulukitsa ndi 0.30, kupeza 0.18. Lachiwiri ndi 0.4 kuchulukitsa ndi 1.30, kupeza 0.52. Pamodzi 0.70, ndipo Gini wagwa kufika 0.30. Palibe walemera, palibe wasauka, tangochepetsa magulu. Choncho musayerekeze nambala ya magulu asanu ndi ya magulu khumi ngati kuti zinayezedwa ndi mbale imodzi.

Nthawi zina tebulo silikupatsani ndalama za gulu lonse, limangoti "K50,000 mpaka K100,000, mabanja 30". Pamenepo mumatenga ya pakatikati, K75,000, n'kuchulukitsa ndi 30. Mutu umawawa pa mzere womaliza wongoti "K200,000 kupita m'mwamba", chifukwa ulibe pakati. Mukaikapo nambala yongoganizira, muilembe poyera, poti ndi yomwe imakoka uta kwambiri.

Kotsala ndi kudandaula kwanga pa mawu awiri omwe mwalemba nokha. "Chuma" si ndalama zolowa. Chuma ndi ng'ombe, munda, njinga, zomwe munthu ali nazo kale, ndipo ine ndimakhulupirira kuti poyamba linkanena za mikanda ndi zitsulo zosinthanitsa. Zolowa pa mwezi ndi zopeza. Ngakhale ofesi yoona za kalembera ndi chiwerengero ku Zomba, pa kafukufuku wake wa m'makomo, imadalira kwambiri zomwe banja lagwiritsa ntchito, kuphatikizapo chimanga cha m'nkhokwe, pakuti mlimi ukamufunsa zopeza pa mwezi wa Januwale adzangoseka. Ophunzira anene momveka chomwe ayeza: zopeza, zogwiritsa ntchito, kapena chuma.

Nalo "banja" ndi loterera. Kwathu banja limatambalala mpaka kwa atsibweni okhala ku Joni. Owerengera akufuna anthu ogona pakhomo limodzi ndi kudya za mumphika umodzi, ndiye ine ndikanakonda "khomo". Koma "makomo 20 osaukitsitsa" anthu amamva ngati tikunena za zitseko zothyoka. Apa ndagonja: nenani banja, koma tsiku loyamba muwauze za mphika uja, ndipo muwakumbutse kulemba kuti ukudyetsa anthu angati, chifukwa K100,000 ya anthu awiri si K100,000 ya anthu asanu ndi atatu.