Mizere iwiri yaoneka: kodi 99 pa 100 ija ikunena za inu?

"Ndinadziyeza ndekha HIV ndi kachipangizo kopaka m'nkhama kaja, ndipo kaonetsa mizere iwiri. Ndinamva kuti kamalondola maulendo 99 pa 100 alionse. Ndiye basi ndili nako? Kuchipatala ndikuopa kupitako." Mayi wa kwa Mpondasi

Achemwali, kalata yanu yandikumbutsa msuweni wanga wina wa ku Namwera. Naye anadziyeza yekha madzulo ana atagona, mizere iwiri n'kutuluka. Pofika m'mawa anali atalongedza kale zovala m'chikwama cha ukapsa, atawaimbira ankhoswe, ndiponso atawalalatira amuna ake mpaka oyandikana nawo nyumba anadzuka. Anafika kwathu pa kabaza maso ali psuu, kachipangizo kaja atakakulunga m'kansalu ngati umboni wa kukhoti. Mawu amene ankangobwereza ndi omwe mwalembawa: "Amati sikanama, 99 pa 100." Tinakangana khonde lonse. Ine ndimaphunzitsa masamu, iye amagulitsa usipa, ndipo pa kuwerengera phindu sindingamuthe, koma pa nambala imodzi iyi anakanirira. Kumapeto anavomera kupita kukayezedwanso chabe chifukwa anatopa nane. Zimene anapeza kumeneko sindinena, ndi zake, komanso sindikufuna kuti mutengere zotsatira za munthu wina ngati zanu.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti nambala ija ndi yoona, koma imayankha funso lina. Imanena kuti: pa anthu 100 amene tikudziwa kale kuti ali ndi kachilombo, kachipangizoka kadzagwira angati? Inu funso lanu ndi lotembenuza: pa anthu 100 amene kachipangizo kawaonetsa mizere iwiri, amene alidi nako ndi angati? Pitani ku doko la ku Makawa mukafunse asodzi, pafupifupi onse amatha kusambira. Koma mukasonkhanitsa onse otha kusambira m'boma lino la Mangochi, ana a sukulu, amayi ochapa kunyanja, anyamata a mabwato a alendo, asodzi adzakhala gawo chabe. Mafunso awiriwa amafanana pakamwa, mayankho ake ali kutali.

Tiyeni tiwerenge ndi anthu, tisiye kaye mapelesenti. Kachipangizo kalikonse kali ndi nambala ziwiri: kamagwira angati mwa odwala, ndipo kamamasula angati mwa osadwala. Titenge 99 yanuyo mbali zonse ziwiri. Pakufunikanso nambala yachitatu imene sichokera ku kachipangizo ayi: mwa anthu amene akudziyeza, ali nako ndi angati?

Apa ambiri amathamangira kafukufuku wa MPHIA wa 2020 mpaka 2021, amene anapeza kuti pafupifupi anthu 9 mwa 100 alionse azaka 15 kupita m'tsogolo m'Malawi muno ali ndi HIV. Koma kafukufuku yemweyo anapezanso kuti pafupifupi 88 mwa 100 a anthu amenewa ankadziwa kale. Odziwa kalewo sali m'gulu lanu. Mukawachotsa, mwa otsalawo amene ali nako osadziwa ndi pafupifupi mmodzi pa 100.

Ndiye tisonkhanitse anthu 10,000 otere pabwalo. Ali nako ndi 100, alibe ndi 9,900. Mwa 100 aja kachipangizo kagwira 99, mmodzi kamuphonya. Mwa 9,900 aja kalakwitsa pa mmodzi mwa 100 alionse, amene ndi anthu 99. Tsopano uzani onse a mizere iwiri aime mbali imodzi. Aima anthu 198, ndipo amene alidi nako ndi 99. Theka lenileni. Kachipangizo sikanaonongeke, kagwira ntchito monga analonjezera. Kungoti anthu osadwala ndi ochuluka kwambiri, moti kulakwitsa kwakung'ono pa iwo kwabala anthu ofanana ndi odwala onse amene agwidwa.

Ophunzira anga a Fomu 4 akamva izi amayamba kukondwa, ati ndiye kuyezetsa n'kungotaya nthawi. Ndimawakalipira. Musanayeze, mwayi woti muli nako unali umodzi pa 100, tsopano wafika 50 pa 100. Wakwera maulendo 50, si nkhani yoti munthu agonere. Ndipo ndinene mosabisa, ndimadana ndi onse awiri: wogawa tizipangizoti popanda kufotokoza kuti mizere iwiri ndi chiyambi chabe, ndi wanzeru za m'mabuku amene amauza munthu wamantha kuti "mwina n'zabodza, iwalani." Wachiwiriyu ndiye woopsa kwambiri, chifukwa masamu ake amaoneka olondola.

Njira imeneyi, tingoti ponena, si yatsopano. Imadziwika ndi dzina la Thomas Bayes, m'busa wa ku Mangalande, ndipo zolemba zake zinatuluka mu 1763 iye atamwalira kale, mnzake Richard Price ndiye anazitulutsa. Okonda zilembo amalemba chonchi, D kuimira matenda, + kuimira mizere iwiri:

P(D|+) = P(+|D) × P(D) / P(+)

Pamwamba ndi 99 aja odwala ogwidwa, pansi ndi 198 onse a mizere iwiri. Palibe china chobisika.

Pamene theka lija silikukhudzani

Nambala ya mmodzi pa 100 ndi ya munthu wongotoledwa pagulu. Inu sindikukudziwani. Ngati amuna anu ali ndi kachilombo ndipo sakumwa ma ARV, kapena mwakhala mukudwaladwala, kuonda, kutuluka mashingozi, kapena munapezeka ndi TB, gulu lanu ndi lina. Tingoyerekeza kuti m'gulu lotere 30 mwa 100 ali nako. Pa anthu 10,000, odwala ndi 3,000 ndipo agwidwa 2,970. Osadwala ndi 7,000, olakwitsidwa 70. Ndiye 2,970 mwa 3,040, pafupifupi 98 pa 100. Kachipangizo n'komweko, mizere ndi yomweyo, chasintha ndi gulu limene munthu wachokera.

N'chifukwa chake kuchipatala sayeza kamodzi n'kukupatsani mankhwala. Amayamba ndi chipangizo chotchedwa Determine, chikaonetsa amatsimikiza ndi china cha mtundu wina monga Uni-Gold, ndipo kuyambira 2019 bungwe la WHO limalangiza kuti zipangizo zitatu zosiyana zigwirizane motsatizana, popeza opezeka nako mwa oyezedwa akucheperachepera. Bwererani kwa anthu 198 aja muwayeze ndi chipangizo china cha 99 mbali zonse. Mwa odwala 99 chigwira 98, mwa osadwala 99 chilakwitsa pa mmodzi. Atsala 99, ndipo 98 mwa iwo alidi nako. Kuchoka pa theka kufika pa 99 pa 100 ndi kuyeza kumodzi kokha koonjezera. Koma izi zimatheka ngati chipangizo chachiwiri sichilakwa pa chifukwa chomwe choyamba chinalakwira. Mukagula kachipangizo kofanana n'kubwereza kunyumba, chimene chinakasokoneza m'thupi mwanu poyamba chikhoza kukasokonezanso, ndipo mudzakhala ndi mizere inayi yosakuuzani zambiri.

Ndiye achemwali, ayi, simunganene kuti basi muli nako, komanso simunganene kuti mulibe. Pitani mawa kuchipatala chapafupi, mukanene kuti munadziyeza nokha ndipo munaona mizere iwiri. Adzayamba okha kuyeza magazi a pachala, ndi ulere kuchipatala cha boma, ndipo nthawi zambiri zotsatira zimatuluka tsiku lomwelo. Kufikira pamenepo gwiritsani ntchito kondomu, ndipo ngati muli oyembekezera kapena mukuyamwitsa, muwauze zimenezo mukangolowa.